Mafuta a nsomba ndi pepala la wogulitsa: mafunso ndi mayankho pa kawerengedwe ka kafukufuku

Ndinagwirako ntchito zaka zingapo pamalo ena ochitira kafukufuku wa zaumoyo kuno ku Joni. Ntchito yanga inali yolemba anthu ofuna kulowa m'kafukufuku, kuwafotokozera fomu ya chilolezo, ndi kuwerenga makapisozi amene abweza pa ulendo uliwonse. Sindine dokotala. Koma chifukwa cha ntchitoyo, anzathu a kutchalitchi ku Rosettenville ndi a m'gulu lathu la maliro amanditumizira zithunzi za mabotolo pa foni, n'kumafunsa ngati agule. Botolo limene limabwera kawirikawiri ndi la mafuta a nsomba, aja olembedwa omega-3, chifukwa ambirife tili ndi makolo odwala bipi kumudzi ndipo timafuna kuikako kanthu m'katundu wopita pa basi. Choncho mafunso onse ali m'munsimu ndawayankha ndi nkhani ya mafuta a nsomba omwewo. Njira yake ndi yomweyo ngakhale botolo lanu litakhala la moringa kapena la mavitamini.

Wogulitsa wanditumizira pepala lachingerezi, akuti madokotala anatsimikiza. Ndiyambire pati?

Musayambire pa mawu omaliza, chifukwa ndi pamene olemba amakometsera nkhani. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Pitani pa gawo lolembedwa `Methods`, pamene amafotokoza mmene anachitira, ndipo mufune yankho la funso limodzi kaye: kodi anayesa pa ndani? Mapepala ambiri amene amayenda pa WhatsApp amanena za makoswe a mu labu kapena za maselo oikidwa m'kambale. Kafukufuku wotero ali ndi ntchito yake kwa asayansi, koma sakukuuzani chimene chidzachitike kwa bambo anu ku Mangochi.

Mukapeza kuti anayesa pa anthu, onani ngati anawagawa m'magulu awiri mochita maere, gulu lina n'kumamwa mankhwala enieni, lina n'kumamwa ongoyerekezera. Pa sikirini mudzaona mawu akuti `randomized` ndi `placebo-controlled`. Maerewo ndiye mtima wa nkhani yonse. Anthu amene amadzigulira okha mafuta a nsomba nthawi zambiri ndi omwenso ali ndi kandalama, amadya bwino, amapita kukayezetsa bipi. Akakhala ndi mitima yabwino, simungadziwe ngati ndi kapisozi kapena ndi moyo wawo wonse. Kompyuta ikasankha yokha amene alowe gulu ili kapena ilo, osuta fodya, onenepa ndi okalamba amagawika mofanana mbali zonse, ndipo chosiyanitsa maguluwo chimatsala kapisozi basi.

Kenako lembani mutu wa pepalalo pa PubMed, malo aulere osungira mayina a mapepala a zachipatala. Ngati mukufuna kuona zimene ena anapeza pa nkhani yomweyo, lembani chonchi:

```
omega-3 cardiovascular randomized placebo
```

Pepala limodzi limene wogulitsa wasankha lili ngati mboni imodzi imene woimbidwa mlandu wabwera nayo yekha kubwalo. Mumafuna kumvanso mboni zinazo.

Kodi anthu ayenera kukhala angati kuti kafukufuku akhale wodalirika?

Palibe nambala imodzi yokwanira paliponse. Zimatengera chimene akuyeza, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amasokonekera, ndiye tichedwepo.

Taganizirani kafukufuku wotchedwa VITAL, wa ku America, amene anatsogoleredwa ndi JoAnn Manson wa ku Boston ndipo zotsatira zake zinatuluka mu Novembala 2018. Analemba anthu 25,871, amuna a zaka 50 kupita m'tsogolo ndi amayi a zaka 55 kupita m'tsogolo, amene anali asanadwalepo mtima. Theka lawo ankamwa kapisozi imodzi ya mafuta a nsomba ya gilamu imodzi tsiku lililonse, theka linalo kapisozi yongoyerekezera, kwa zaka zisanu ndi miyezi ingapo. Chimene ankawerenga ndi anthu amene mtima unawagwira mwadzidzidzi, amene anachita sitiroko, ndi amene anamwalira ndi matenda a mtima. Pomaliza, m'gulu la mafuta a nsomba munali anthu 386 otere, m'gulu linalo 419, kusiyana kochepa kumene sikunatsimikize kuti mafutawo anathandiza.

Onani bwino manambalawo. Pa anthu pafupifupi 13,000 m'gulu lililonse, amene anadwala anali pafupifupi atatu pa 100 alionse m'zaka zisanu. Tsopano tiyerekeze kuti wina wachita kafukufuku wofanana ndi ameneyu pa anthu 40 okha, 20 uku 20 uko, kwa miyezi itatu. Mwachidziwikire palibe ndi mmodzi yemwe amene adwale mtima m'nthawi imeneyo. Kafukufuku wotero sanganene chilichonse za kuteteza mtima, ngakhale atalembedwa ndi profesa. Mphamvu ya kafukufuku ili pa kuchuluka kwa zochitika zimene akuwerenga, osati pa mitu ya anthu yokha.

Zimasintha ngati akuyeza chinthu chimene munthu aliyense ali nacho, monga bipi. Pamenepo anthu ochepa akhoza kukwanira, ndipo ochita kafukufuku ali ndi kachidule kowerengera:

```
n = 16 × s² / d²
```

Apa `n` ndi anthu ofunika m'gulu limodzi, `d` ndi kusintha kumene mukufuna kukuona, ndipo `s` ndi mmene manambala a anthu amabalalikira mwachibadwa. Tiyerekeze kuti bipi ya anthu imabalalika ndi mapointi 12 ndipo mukufuna kudziwa ngati kapisozi imaitsitsa ndi mapointi 5. Mukachulukitsa 16 ndi 144, n'kugawa ndi 25, mupeza 92. Ndiye kuti pakufunika anthu 92 uku ndi 92 uko. Mukafuna kuona kusintha kwa theka la pamenepo, anthu ofunika sawirikiza kawiri ayi, amawirikiza kanayi. Simuyenera kuwerengera nokha nthawi zonse. Pepala labwino limalemba lokha pansi pa mawu akuti `sample size` chifukwa chimene anasankhira nambala yawo. Likangoti "tinalemba anthu 36" osafotokoza, kawirikawiri ndiye kuti ndalama ndi zimene zinathera pamenepo.

Nanga bwanji timakafukufuku ting'onoting'ono ndi timene timaonetsa zotsatira zodabwitsa?

Ponyani khobidi kakhumi. Si zachilendo kupeza mutu kasanu ndi kawiri. Liponyeni ka 1,000, simudzapeza mutu ka 700. Pa anthu ochepa mwayi umasewera kwambiri, mbali zonse ziwiri. Kafukufuku wamng'ono wina amaonetsa kuti kapisozi ndi yozizwitsa, wina amaonetsa kuti ndi yachabe. Wachabeyo nthawi zambiri amatsala m'kabati osasindikizidwa, wozizwitsayo ndiye amafika pa foni yanu.

Palinso vuto la chitetezo. Pepala likati "palibe amene anadwala nawo mankhwalawa", gawani 3 ndi chiwerengero cha anthu amene anamwa. Ngati anali 30, yankho ndi 1 pa 10, kutanthauza kuti vuto logwera munthu mmodzi pa khumi alionse likhoza kukhalapo koma osaoneka m'kagulu kameneko.

Ndinamva kuti mu VITAL momwemo matenda a mtima anatsika ndi maperesenti 28. Ndiye mukuti sanathandize bwanji?

Munamva zoona, koma ndi chidutswa cha nkhani. Kafukufuku asanayambe, ochita ake amalemba funso lalikulu limodzi limene akufuna kuyankha. Pa pepala limatchedwa `primary outcome`. Mu VITAL funso lalikulu la mtima linali lija la 386 ndi 419. Pafupi ndi manambala amenewo analemba `HR 0.92` ndi `95% CI 0.80–1.06`. Yoyambayo ikutanthauza kuti m'gulu la mafuta a nsomba odwala anachepa ndi maperesenti 8. Yachiwiriyo ndiyo yofunika kwambiri: ikusonyeza malire a pamene choonadi chingakhale. Chikhoza kukhala kutsika ndi maperesenti 20, chikhozanso kukhala kukwera ndi maperesenti 6. Malirewo akadutsa pa 1.00, monga apa, ndiye kuti kafukufukuyo sanathe kusiyanitsa kapisozi yeniyeni ndi yongoyerekezera.

Nkhani ya maperesenti 28 inachokera pa mafunso ang'onoang'ono owonjezera. Atawerenga okhawo amene mtima unawagwira, kusiya a sitiroko, anapeza 145 ndi 200. N'zochititsa chidwi, ndipo sindikuti n'zabodza. Koma mukafunsa mafunso ambiri pa gulu limodzi la anthu, limodzi limapezeka "lapambana" mwamwayi. Masamu ake ndi akuti mukayeza zinthu 20 zosagwirizana pa kapisozi yopanda ntchito n'komwe, mwayi woti chimodzi chioneke ngati chasintha ndi maperesenti 64. Ndi chifukwa chake funso laling'ono likapambana pamene lalikulu lalephera, akatswiri amalitenga ngati chifukwa chochitira kafukufuku wina, osati ngati chigamulo.

Chinyengo chimene ndimachiona kawirikawiri m'mapepala a masapulimenti ndi kusintha funso lalikulu zotsatira zitaoneka kale. Mukhoza kuchigwira. Kuyambira mu 2005 magazini akuluakulu a zachipatala amafuna kuti kafukufuku alembetsedwe asanayambe. Pa pepala mudzaona nambala yoyamba ndi `NCT`, imene mungailembe pa ClinicalTrials.gov, kapena yoyamba ndi `PACTR` ngati analembetsa m'kaundula wa ku Africa amene amasungidwa ku Cape Town. Yerekezani funso limene analonjeza ndi limene akuimbira ng'oma pa pepala. Ngati analonjeza kuyeza bipi koma akungokamba za "kumva kupepuka m'thupi", bipiyo sinatsike.

Akuti mwa anthu akuda mafutawa anathandiza kwambiri. Zimenezi sizikutikhudza ife?

Mu VITAL munali anthu akuda a ku America 5,106, ndipo pakati pawo kugwidwa ndi mtima kunaoneka kutsika ndi maperesenti 77. Ogulitsa amaikonda nambala imeneyi, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake imatikoka. Koma ili ndi funso laling'ono mkati mwa kagulu kakang'ono: odwala onse pamodzi m'kaguluko anali makumi ochepa chabe, ndipo pa manambala otero anthu owerengeka akasuntha mbali, peresentiyo imagwedezeka kwambiri. Komanso munthu wa ku Chicago ndi mayi wa ku Nkhotakota amene amadya usipa kapena utaka kangapo pa sabata sali pa mzere umodzi. Mu VITAL momwemo phindu linaoneka makamaka mwa amene ankadya nsomba mwa apo ndi apo. Ine ndimaiona ngati funso labwino limene likudikira kafukufuku wakewake.

Kapisozi yongoyerekezera ndi yachiyani? Ine ndinamwa ndipo ndinamvadi bwino.

Sindikutsutsa kuti munamva bwino, amayi. Funso ndi lakuti chinakuchizani n'chiyani. Munthu amagula mankhwala tsiku limene mawondo amupweteka kwambiri kapena bipi yakwera kuposa masiku onse. Matenda otere amakwera n'kutsika okha, ndiye mukayamba kumwa pa tsiku loipitsitsa, sabata yotsatira imakhala yabwinoko ngakhale mukanamwa madzi. Onjezerani chiyembekezo, ndi kuti munthu amene wawononga marandi ake amayambanso kusamala mchere. Kumene ndinkagwira ntchito, anthu ambiri bipi yawo inkakhala yokwera pa ulendo woyamba, chifukwa cha mantha ndi kuthamangira takisi, n'kutsika pa ulendo wachitatu atatizolowera, asanamwe kalikonse.

Gulu la pulasibo, dzina la kapisozi yongoyerekezerayo, limakumana ndi zonsezi chimodzimodzi. Choncho chimene muyenera kuyang'ana ndi kusiyana kwa magulu awiriwo pamapeto, osati kusiyana kwa gulu limodzi poyamba ndi pomaliza. Tinene kuti pepala likuti bipi ya omwa kapisozi inatsika ndi mapointi 9. Funani nambala ya gulu linalo. Ngati kumeneko inatsika ndi 7, ntchito ya kapisoziyo ndi mapointi 2, osati 9. Mapepala ofooka amaika nambala yoyambayo pamwamba, yachiwiriyo n'kuibisa m'tebulo.

Pulasibo imagwira ntchito pokhapokha ngati womwa ndi woyeza onse sakudziwa amene ali gulu liti, zimene zimalembedwa `double-blind`. Pa mafuta a nsomba pali kavuto koseketsa: munthu akageya, fungo la nsomba limamuuza gulu lake. Pa kuwerenga imfa kapena sitiroko zimenezo sizisokoneza kwambiri. Koma ngati akuyeza ululu, tulo kapena kusangalala, zimene munthu amanena yekha, kudziwako kumalowa m'mayankho.

Kodi pulasibo nayonso ingakhale ndi vuto?

Ingakhale nalo, ndipo chitsanzo chake chabwino chili pa mafuta a nsomba pomwepa. Mwezi womwewo umene VITAL anatuluka, kunatulukanso REDUCE-IT, kafukufuku wa anthu 8,179 m'mayiko 11, South Africa ali momwemo. Anthuwa anali odwala mtima kale kapena a shuga okhala pachiopsezo, onse akumwa kale mankhwala otsitsa kolesitero, ndipo mafuta a m'magazi mwawo anali okwera. Ankamwa magilamu anayi patsiku a EPA yoyengedwa, amene ndi amodzi mwa mafuta awiri akuluakulu a m'nsomba. Patatha zaka pafupifupi zisanu, anthu 17.2 pa 100 alionse a m'gulu la EPA anali atakumana ndi vuto lalikulu la mtima, poyerekeza ndi 22.0 a m'gulu la pulasibo. Apa funso lalikulu linapambana mosakayikitsa.

Koma m'makapisozi a pulasibo munali mafuta a minero, aja ochokera ku mafuta apansi amene ena amamwa pofewetsa m'mimba. M'gulu limenelo kolesitero woipa anakwera ndi maperesenti pafupifupi 10 m'chaka choyamba, ndipo chizindikiro cha kutupa kwa m'thupi chimene amayeza m'magazi chinakweranso. Akatswiri ena anafunsa: kodi gulu la EPA ndi limene linachita bwino, kapena gulu la pulasibo ndi limene linavulazidwa? Mu 2020 kunatuluka STRENGTH, wa anthu 13,078 ofanana nawo, amene ankamwa magilamu anayi a EPA yosakaniza ndi DHA, mafuta achiwiri aja a m'nsomba. Kumeneko pulasibo inali mafuta a chimanga. Zotsatira zinali 12.0 ndi 12.2 pa 100, ndiye kuti palibe kusiyana, moti kafukufukuyo anaimitsidwa nthawi isanakwane.

Mkangano ulipobe. Ena amati EPA payokha ndi yosiyana ndi yosakaniza. Bungwe loona za mankhwala ku America, la FDA, litaunika linaona kuti mafuta a minero sangafotokoze kusiyana konseko, ndipo kumapeto kwa 2019 linavomereza kuti mankhwalawo azigwiritsidwa ntchito poteteza mtima. Kwa inu owerenga phunziro ndi losavuta kuligwiritsa ntchito: funani chimene chinali mkati mwa pulasibo, ndipo onani tebulo losonyeza mmene gulu la pulasibo linasinthira. Liyenera kukhala pafupifupi pomwe linayambira. Likaipiraipira pa zoyeza za m'magazi, mbali ina ya "kupambana" yachokera pamenepo.

Botolo langa likutchula kutsika kwa maperesenti 25. Si kafukufuku yemweyo?

Nambalayo ndi ya REDUCE-IT, koma botolo lanu si limene linayesedwa. Tembenuzani botololo. Kapisozi wamba ya mamiligilamu 1,000 kawirikawiri imakhala ndi EPA 180 ndi DHA 120, otsalawo ndi mafuta ena. Kuti mufike pa magilamu anayi a EPA mungafunike makapisozi 22 patsiku, ndipo musayerekeze kutero. Mankhwala a mu REDUCE-IT ndi olembedwa ndi dokotala, osati a pashelefu. Ngakhale kapisozi ya VITAL inali ndi mamiligilamu 840 a EPA ndi DHA pamodzi, pafupifupi katatu kuposa wambayo.

Maperesenti 25 omwewo muwamasulire kukhala anthu. Kuchoka pa 22.0 kufika pa 17.2 ndi kusiyana kwa anthu pafupifupi asanu pa 100, kutanthauza kuti odwala 21 ayenera kumwa kwa zaka pafupifupi zisanu kuti mmodzi apulumuke ku vuto limodzi. Kwa odwala mtima kale limenelo ndi phindu lenileni. Kwa mnyamata wa zaka 30 wogwira ntchito m'galaja ku Randburg, amene mwayi wake wodwala mtima m'zaka zisanu ndi wochepa kwambiri, kotala la chinthu chochepa ndi chinthu chochepetsetsa, ndipo anthu onga iye sanali m'kafukufukuyo n'komwe.

Ndingadziwe bwanji amene analipira?

Pitani kumapeto kwa pepala, pamwamba pa mndandanda wa mabuku. Pa kompyuta dinani `Ctrl+F` n'kulemba `Funding`, kenako `Conflict of interest` kapena `Disclosures`. Onaninso pansi pa mayina a olemba, pamene amalemba kumene aliyense amagwira ntchito. Si zachilendo kupeza kuti awiri mwa olembawo ndi antchito a kampani yopanga botolo.

Kulipira kuli ndi masitepe. VITAL analipiridwa ndi boma la America kudzera ku National Institutes of Health, ndipo makampani anangopereka makapisozi mwaulere. REDUCE-IT analipiridwa ndi Amarin, kampani yopanga EPA yomweyo. STRENGTH analipiridwa ndi AstraZeneca, mwini wa mankhwala amene ankayesedwa. Chimene mukufuna kudziwa si dzina lokha la wolipira, koma ntchito imene anagwira. Mapepala abwino amanena ngati kampani inakonza nawo dongosolo, ngati ndiyo inkasunga manambala, ndi amene anawerengera masamu. Kampani imene yangopereka katundu n'kuchoka ndi yosiyana ndi imene inasankha mafunso, kusunga mafomu, ndi kulemba ganyu munthu wolemba pepalalo.

Ndiye kampani ikalipira, pepalalo ndi labodza?

Ayi. STRENGTH yomweyo ndi umboni: kampani inalipira ndalama zambiri, zotsatira zinatsutsa mankhwala ake, ndipo zinasindikizidwa. Komanso kafukufuku wa anthu masauzande ndi wodula, ndipo nthawi zambiri palibe wina wolipira kupatula mwini katundu.

Komabe gulu la Cochrane, limene ntchito yake ndi kusonkhanitsa ndi kuunika kafukufuku wa anthu ena, linapeza mu 2017 kuti kafukufuku wa mankhwala ndi zipangizo zachipatala wolipiridwa ndi makampani amakonda kutuluka ndi zotsatira zokomera kampaniyo kuposa wolipiridwa ndi ena. Kawirikawiri sikuti wina wapeka manambala. Kukonderako kumalowera pa zosankha zimene payokha iliyonse imaoneka yabwinobwino: kuyeza nambala ya m'magazi m'malo mowerenga odwala, kuchita masabata 8 m'malo mwa zaka, kusankha pulasibo yotani, kusiya m'kabati kafukufuku amene sanayende bwino.

Njira ina ndi kuchotsa m'masamu anthu amene anasiya panjira. Tinene kuti analemba anthu 120 koma tebulo lomaliza likuonetsa 85. Enawo 35 ali kuti? Ngati anasiya chifukwa cha m'mimba kapena chifukwa sankaona kusintha, otsalawo ndi okhawo amene zinawayendera. Funani mawu akuti `intention-to-treat`, otanthauza kuti aliyense amene analowa maere anawerengedwa, kaya anamaliza kaya ayi. Ine ndikapeza kafukufuku wamng'ono, waufupi, wolipiridwa ndi mwini botolo, wosalembetsedwa m'kaundula, ndipo palibe gulu lina losakhudzidwa limene linapezanso zomwezo, ndimalitenga pepalalo ngati malonda.

Koma likugulitsidwa m'famase yaikulu. Boma silinaliyeze?

Osati nthawi zonse. Kuno mankhwala amayang'aniridwa ndi SAHPRA, bungwe limene linalowa m'malo mwa Medicines Control Council mu 2018. Masapulimenti ambiri ali m'gulu D, la mankhwala othandizira, ndipo pa mabotolo ambiri pali timalemba ting'onoting'ono tonena kuti mankhwalawa sanalembetsedwe ndipo SAHPRA sinawaunike pa ubwino wake, chitetezo chake kapena ntchito imene akuti amagwira. Kukhala pashelefu ya sitolo yodziwika sikufafaniza timalembato. Za mabotolo amene amagulitsidwa m'zikwama pafupi ndi Park Station kapena kudzera mwa mnzanu wa kutchalitchi amene amalandira komishoni, onani ngati pali dzina ndi adilesi ya wopanga, nambala ya bachi ndi tsiku lotha ntchito.

Ngakhale atapanda kuthandiza, si chakudya chabe? Angavulaze munthu?

Tebulo la zovuta limakhala chakumapeto kwa pepala, pansi pa mawu akuti `Adverse events`, ndipo ogulitsa salijambula. Mu REDUCE-IT, ogonekedwa m'chipatala chifukwa cha mtima wogunda mosokonekera anali 3.1 pa 100 m'gulu la EPA ndi 2.1 m'gulu la pulasibo. Mu STRENGTH kugunda kosokonekera komweko kunagwera 2.2 pa 100 poyerekeza ndi 1.3. Kugunda kosokonekeraku kumawonjezera chiopsezo cha sitiroko, ndiye si nkhani yaing'ono kwa munthu wachikulire. Onani kuti kusiyana kwa munthu mmodzi pa 100 kunaoneka chifukwa anthu anali masauzande. Kafukufuku wa anthu 40 akanalemba kuti panalibe vuto.

Masapulimenti ena anachitapo zoposa pamenepa. Ku Finland anapatsa amuna osuta fodya 29,133 mwina beta-karotini, chinthu chimene chimapezeka m'karoti, mwina vitamini E, mwina zonse ziwiri, mwina pulasibo, poyembekeza kuti khansa ichepa. Mu 1994 zinadziwika kuti khansa ya m'mapapo inali yochuluka ndi maperesenti 18 mwa omwa beta-karotini. Mbali inayi, kafukufuku wa ku Britain wa 1991 pa amayi 1,817 anasonyeza kuti foliki asidi amachepetsa kwambiri kubadwa kwa ana olumala msana ndi ubongo mwa amayi amene anaberekapo mwana wotero, ndipo lero amayi oyembekezera amalandira timapilitsi timeneti kusikelo. Mayeso ake anali amodzimodzi, maere ndi gulu loyerekezera, mayankho ndi amene anasiyana.

Ngati mwaganiza zotumizabe botolo kumudzi, funsani kaye zimene makolo akumwa kale. Amene ali pa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi, monga wafarini, kapena amene anauzidwapo kuti mtima wawo umadumphadumpha, atenge botololo akalionetse kuchipatala asanalitsegule. Ndipo muwauze momveka pa foni kuti mapilitsi a bipi a kuchipatala asasiye, chifukwa ndaonapo kangapo botolo lochokera ku Joni likufika, mapilitsi aulere aja n'kukankhidwira pansi pa bedi.